LPO, delivale noti ndi invoisi: momwe mungafananitsire mapepala atatu musanalipire wogulitsa

Invoisi imalembedwa ndi wogulitsa, ndipo imanena ndalama zimene iye akufuna. Delivale noti nayo imalembedwa ndi wogulitsa yemweyo, kunena zimene akuti anapakira m'galimoto. Pa mapepala atatu amene timafananitsa, pepala lanu lenileni ndi limodzi lokha, oda ija timati LPO. Choncho ngati ku ofesi kwanu mumangoyika invoisi pambali pa delivale noti n'kuona kuti manambala akufanana, dziwani kuti mwafananitsa mawu a munthu mmodzi ndi mawu ake omwe. Delivale noti imakhala umboni pokhapokha munthu wanu atawerenga katunduyo ndi manja ake n'kulemba zimene wapeza.

Malangizowa atsata oda imodzi kuyambira pamene katundu wapemphedwa mpaka pamene ndalama zatuluka. Tiyerekeze kopaletivi ya alimi a mpunga ku Nkhotakota imene ikukuza nyumba yake yosungiramo mpunga kukolola kusanayambe. Zipangizo ikugula kwa wogulitsa wa pa Salima, ndipo zibwera pa lole kudzera msewu wa M5, ulendo wa makilomita oposa 100. Mitengo ndi malire a ndalama zimene zili munozi ndi zachitsanzo chabe. Inu muyikapo zanu.

Musanalembe LPO

Wofuna katundu, pano ndi kapitawo wa zomangamanga, alembe fomu yopempha katundu imene ambiri amati rekwizishoni. Alembe zimene akufuna, kuchuluka kwake, ndi ntchito yake. Asalembe dzina la wogulitsa, chifukwa kusankha kogula si ntchito yake. Kenako wogula afunse makotesheni, kawirikawiri atatu, ndipo onse afunsidwe chinthu chimodzimodzi. Mukafunsa kuti "malata 80" basi, wina akupatsani mtengo wa geji 28, wina wa geji 32, ndipo wa geji 32 adzaoneka wotchipa pomwe akugulitsa malata opyapyala.

Pa kotesheni iliyonse yang'anani tsiku limene mtengowo udzathere mphamvu. Ogulitsa ambiri amalemba kuti mtengo ukhala masiku 7 kapena 14. Tsikuli lilembeni pamwamba pa rekwizishoni ndi cholembera chofiira, chifukwa mikangano yambiri ya mitengo imayambira pomwepa: kotesheni inatha Lachisanu, siginecha yomaliza inapezeka Lachitatu la sabata yotsatira, ndipo aliyense akuona kuti akunena zoona.

Ndani ali ndi mphamvu yosayina

Malire a kuvomereza ndi lamulo la bungwe lonena kuti munthu wa udindo wakuti angavomereze kugula mpaka ndalama zakuti. Lamuloli lilembedwe, livomerezedwe ndi bodi, ndipo likhomedwe pa khoma la ofesi ya za chuma pamodzi ndi zitsanzo za siginecha za anthuwo. Maofesi a boma ndi makhonsolo ali ndi malamulo awoawo a kagulidwe amene amayang'aniridwa ndi PPDA, bungwe loona za kagulidwe ka katundu wa boma, ndipo sangadzipangire malire mmene afunira. Kopaletivi, sukulu yoyima payokha, loji ya ku Senga Bay kapena chipatala cha mpingo zimadziyikira zokha, pokhapokha ngati ndalama zake ndi za wothandiza amene wapereka malamulo ake.

Pa kopaletivi yathuyi tinene kuti manijala amavomereza yekha mpaka K500,000. Kupitirira apo mpaka K5,000,000 amasayina manijala ndi msungichuma. Zoposa K5,000,000 zimapita ku bodi, ndipo nambala ya maminitsi a msonkhano umene unavomereza imalembedwa pa LPO.

Oda ya kapitawo ili motere: simenti matumba 120 a makilogalamu 50 pa K30,000 thumba, zonse K3,600,000. Malata 80 a geji 28, a fiti 12, pa K25,000 limodzi, zonse K2,000,000. Misomali ya malata makilogalamu 40 pa K6,000, zonse K240,000. Mayendedwe mpaka ku Nkhotakota K300,000. Pamodzi K6,140,000. Imeneyi ndi ya bodi.

Apa ndi pamene chiyeso chimabwera. Bodi imakumana kamodzi pamwezi, wapampando ali ku Dwangwa, mamembala ena ali ku dimba, kotesheni ikutha. Wina amapereka nzeru yoti tilembe LPO ziwiri, ya simenti K3,600,000, ya malata, misomali ndi mayendedwe K2,540,000. Iliyonse ili pansi pa K5,000,000, ndiye manijala ndi msungichuma asayina lero lomwe. Kumeneku ndi kugawa oda pofuna kuzemba malire, ndipo ngakhale palibe amene waba tambala, lamulo lathyoledwa. Malire amayezedwa pa ntchito yonse imene rekwizishoni ikupempha, osati pa pepala lililonse palokha. Wofufuza mabuku savutika kuzipeza. Amangotsegula buku la LPO n'kuona manambala otsatizana, wogulitsa mmodzi, tsiku limodzi kapena sabata imodzi, ntchito imodzi. China chimene amayang'ana ndi maoda ochuluka amene amathera pafupi kwambiri ndi malire, monga K495,000 ndi K4,950,000, ngati kuti mitengo ya m'masitolo imadziwa lamulo la kopaletivi.

Mankhwala ake si kudzudzula anthu kokha. Lembani m'lamulo njira ya zinthu zachangu: mwachitsanzo, wapampando ndi mamembala awiri a bodi avomereze molemba, ngakhale pa uthenga wa pa foni umene udzasindikizidwe n'kumatidwa pa LPO, kenako bodi yonse idzatsimikize pa msonkhano wotsatira. Komanso muziwaunikanso malirewo. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zinthu inakwera, ndipo malire amene anayikidwa zaka za m'mbuyo anayamba kutumiza ku bodi zinthu zazing'ono zimene kale manijala ankamaliza yekha. Malire akachepa kwambiri moti ntchito siyenda, anthu amaphunzira kuwazemba, ndipo chizolowezicho chimatsala.

Zinthu zina ziwiri pa nkhani ya malire. Choyamba, munthu asavomereze rekwizishoni imene walemba yekha, ngakhale ndalama zake zili m'malire ake. Ipite kwa wa pamwamba pake. Chachiwiri, oda ikasinthidwa, malire amayezedwa pa ndalama zatsopano zonse. LPO ya K4,800,000 ikawonjezeredwa K400,000 yafika K5,200,000, ndipo iyenera kupita ku bodi, osati kwa manijala ponena kuti K400,000 ili m'manja mwake.

Kulemba LPO yoti idzakuthandizeni pa mkangano

Gwiritsani ntchito buku la LPO losindikizidwa kale manambala, lokhala ndi makope atatu kapena anayi. Loyamba lipite kwa wogulitsa, lachiwiri kwa akauntanti, lachitatu kwa wosunga katundu, lomaliza litsale m'buku. Mukalakwitsa musang'ambe tsambalo. Lembani modutsa kuti yathetsedwa, makope onse atsale m'buku. Nambala yosowa m'buku la LPO ndi oda imene mwina ili kwa wogulitsa wina m'dzina lanu inu osadziwa.

Mzere uliwonse ufotokoze katundu moti munthu amene sanaone kotesheni athe kumuzindikira pa lole. "Simenti" sikokwanira. Lembani mtundu, mphamvu yake ngati ndi 32.5 kapena 42.5, ndi kulemera kwa thumba. Pa malata lembani geji, kutalika, ndi kapangidwe kake. Muyezo ukhale womwewo umene wogulitsa adzalembe pa invoisi: ngati misomali mwaoda pa kilogalamu, asadzabweretse invoisi ya mapaketi, chifukwa simudzatha kufananitsa.

Pansi pake lembani zinthu zinayi zimene anthu amakonda kuiwala. Nenani ngati mitengo ikuphatikiza VAT kapena ayi. Pa chitsanzo chathu ikuphatikiza. Nenani malo ndi tsiku loperekera katundu, komanso kuti mayendedwe, kukweza ndi kutsitsa zili m'mtengo wa K300,000. Nenani kuti mudzalipira patapita masiku angati chilandirireni katundu ndi invoisi yolondola. Ndipo nenani kuti katundu wosagwirizana ndi oda adzabwezedwa pa ndalama za wogulitsa. Malo otsala opanda kanthu adulidwe ndi mzere kuti wina asadzawonjezere chinthu siginecha zitayikidwa kale.

Tsiku la pa LPO likhale la m'mbuyo kuposa tsiku la pa delivale noti ndi la pa invoisi. Zikatembenuka, ndiye kuti katundu anaodedwa pakamwa ndipo LPO yalembedwa pongokwaniritsa mwambo. Wosayina LPO yotereyo sakuvomereza kanthu, chifukwa simenti ili kale m'khoma.

Lole yafika: apa ndiye pagona nkhani

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Katundu wa pa delivale noti akadali pachala.

Wolandira akhale wosunga katundu, osati amene anaoda. Pa zipangizo zomangira akhale ndi kapitawo pambali pake, chifukwa wosunga katundu amadziwa kuwerenga koma mwina sangasiyanitse geji 28 ndi geji 30. Dalaivala adzakhala pa changu. Adzati dzuwa lapendeka, akufuna kubwerera ku Salima kusanade, "ingosayinani bwana, zonse zili bwinobwino". Musasayine katundu ali m'galimoto. N'chifukwa chake n'kwanzeru kulemba pa LPO kuti katundu amalandiridwa kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 3 koloko masana. Kuwerenga matumba 120 ndi tochi ya foni ndi kudzinamiza.

Yambani ndi kuona ngati delivale noti ili ndi nambala ya LPO yanu, ndipo tulutsani kope lanu. Ngati palibe LPO, katunduyo asatsitsidwe mpaka ofesi itafotokoza.

Simenti isanjidwe pa matabwa, milu ya matumba khumi khumi, kuti muwerenge milu m'malo mothamangitsa ndi maso anyamata onyamula. Thumba lililonse likhudzidwe. Simenti yabwino imabonyeka ngati ufa mukaidina, pamene imene inalowa chinyezi imakhala ndi mibulu yolimba, makamaka m'makona, ndipo mibuluyo siphwanyika ndi zala. Yotereyi yayamba kale kugwira ndipo sidzalimbitsa khoma mmene ziyenera kukhalira. Matumba ong'ambika ndi osokedwanso ayikidwe padera, ndipo popeza kopaletivi ili ndi sikelo ya mpunga, ayezedwe.

Malata awerengedwe limodzi limodzi, chifukwa amamatirirana ndipo awiri amaoneka ngati limodzi, kapena m'katikati mwa mtolo mumabisala ena osiyana ndi a pamwamba. Kumbukirani kuti nambala ya geji ikamakwera, lata limapyapyala: geji 30 ndi yopyapyala kuposa 28. Onani ngati pali zolemba za fakitale pa latalo. Ngati palibe, ikani pa sikelo malata asanu amene mukuwakhulupirira, kenako asanu amene mukuwakayikira, a kutalika kofanana. Opyapyala adzapepuka moonekeratu. Tepi nayo igwire ntchito, chifukwa lata la fiti 10 ndi la fiti 12 sizisiyana kwambiri m'maso zikakhala pa lole.

Pa oda yathu, delivale noti ikuti matumba 120, malata 80, misomali makilogalamu 40. Powerenga patsika matumba 116. Mwa amenewa 6 ndi ouma ndi chinyezi, ndiye olandiridwa ndi 110. Malata atsika 80, koma 20 ndi a geji 30, ndiye olandiridwa ndi 60. Misomali yakwana pa sikelo.

Tsopano lembani pa delivale noti yeniyeniyo, pa makope onse, la wogulitsa ndi lanu: matumba 4 sanafike, matumba 6 akanidwa chifukwa ndi ouma, malata 20 akanidwa chifukwa ndi geji 30. Dalaivala asayine pambali pa mawuwo, alembe dzina lake ndi nambala ya galimoto. Jambulani ndi foni pepalalo ndi katundu wokanidwayo, mutumize kwa wogulitsa lole isananyamuke. Mukasayina delivale noti yoyera n'kudzadandaula mawa, wogulitsa adzakuonetsani siginecha yanu yomwe, ndipo adzakhala ndi mfundo.

Katundu wokanidwa abwerere pa lole yomweyo. Dalaivala akakana, muyikeni pa malo akeake ndi chizindikiro choti ndi wa wogulitsa, ndipo asalowe mu kaundula wa katundu wanu. Kapitawo achenjezedwe kuti asakhomeko ngakhale lata limodzi. Mukagwiritsa ntchito katundu amene munamukana, mwamulandira.

Pomaliza wosunga katundu alembe GRN, pepala la bungwe lanu lotsimikiza katundu amene walandiridwa. Nalo likhale la m'buku la manambala otsatizana, litchule nambala ya LPO ndi ya delivale noti, ndipo lisonyeze zolandiridwa zokha: 110, 60, 40. Lilembedwe tsiku lomwelo. Kope limodzi lipite kwa akauntanti molunjika kuchokera kwa wosunga katundu, lisadzere m'manja mwa amene anaoda. Manambala omwewo alowe pa bini khadi ya katundu aliyense, khadi yolembapo zolowa ndi zotuluka m'nyumba yosungiramo katundu.

Kopaletivi yaing'ono imene ilibe buku la GRN ikhoza kugwiritsa ntchito chidindo chomenyedwa pa delivale noti, chokhala ndi malo olemba kuchuluka kwa zolandiridwa, tsiku, ndi siginecha ziwiri. Zimagwira ntchito, ngakhale buku ndi labwino koposa chifukwa manambala ake amaulula ngati pepala lina lasowa.

Kufananitsa

Invoisi ipite kwa akauntanti, ndipo imenyedwe chidindo cha tsiku limene yafika. Asanayang'ane manambala, aone ngati ndi yeniyeni osati fotokope, ngati yalembedwa m'dzina la kopaletivi, ngati ikutchula LPO yanu, ndiponso ngati nambala yake sinalowepo kale m'kaundula wa ma invoisi a wogulitsa ameneyu. Ngati akulipiritsa VAT, pakhale TPIN yake, nambala yake ya msonkho, ndi umboni woti analembetsa za VAT ku MRA. Wosalembetsa alibe chilolezo chotolera msonkhowu.

Kenako yalani pa tebulo LPO, invoisi ndi GRN, imene tsopano ikuima m'malo mwa delivale noti, ndipo muyende mzere ndi mzere. Osayamba ndi ndalama zonse za pansi, chifukwa zolakwika ziwiri zikhoza kubisana, china chokweza china chotsitsa. Mzere uliwonse uli ndi mafunso atatu. Kodi chinthuchi chili pa LPO? Kodi mtengo wa chimodzi ndi wa pa LPO? Kodi kuchuluka kwake ndi kwa pa GRN? Mtengo umachokera ku LPO, kuchuluka kumachokera ku GRN. Invoisi imangoyesedwa pa ziwirizi.

Invoisi ya wogulitsa wathu yabwera ndi K6,440,000.

| Katundu | LPO | GRN | Invoisi | Zoyenera kulipira |
|---|---|---|---|---|
| Simenti | 120 pa K30,000 | 110 | 120 pa K32,000 | K3,300,000 |
| Malata | 80 pa K25,000 | 60 | 80 pa K25,000 | K1,500,000 |
| Misomali | 40 pa K6,000 | 40 | 40 pa K6,000 | K240,000 |
| Mayendedwe | K300,000 | lole yafika | K300,000 | K300,000 |
| Kukweza ndi kutsitsa | palibe | palibe | K60,000 | palibe |

Zoyenera kulipira ndi K5,340,000. Kusiyana kwake ndi K1,100,000, ndipo musapite kwa wogulitsa ndi nambala imodziyi. Iphwanyeni mpaka tambala iliyonse idziwike kochokera. Mtengo wa simenti wakwezedwa ndi K2,000 pa matumba 120, imeneyo ndi K240,000. Matumba 10 amene sanalandiridwe pa K30,000 ndi K300,000. Malata 20 okanidwa ndi K500,000. Kukweza ndi kutsitsa, kumene LPO inanena kuti kuli m'mtengo wa mayendedwe, ndi K60,000. Mukaphatikiza zikukwana K1,100,000 ndendende. Zikapanda kukwana, pali cholakwika china chimene simunachione, mwina masamu a pa invoisi yeniyeniyo, ndipo muchulukitsenso mzere uliwonse ndi kakyuleta.

Onani kuti munthu amene akanangofananitsa invoisi ndi delivale noti yosakonzedwa akanapeza 120 ndi 120, 80 ndi 80, n'kunena kuti zili bwino. Amene akanafananitsa ndi LPO yokha akanagwira K300,000 ya mtengo ndi kukweza, koma K800,000 ya katundu amene kulibe ikanapita.

Amene amalemba pa kompyuta akhoza kuyika kuchuluka kwa LPO mu B, kwa GRN mu C, kwa invoisi mu D, ndi mtengo wa LPO mu E. Ndalama zoyenera kulipira pa mzerewo ndi izi:

```
=MIN(B2,C2,D2)*E2
```

Fomulayi ikusankha nambala yochepa pa zitatuzo, ndipo m'pake. Wogulitsa akabweretsa matumba 130 pomwe munaoda 120, khumi apamwambawo sanavomerezedwe ndi aliyense, ndiye abwezedwe kapena alembedwere LPO yawo imene idutse kwa osayina. Akalemba invoisi ya 100 pomwe mwalandira 110, mulipira 100, ndipo khumi otsalawo muwalembe ngati ngongole imene invoisi yake ikubwera.

Mabungwe ena amalola kusiyana kwakung'ono kudutsa popanda kufunsa, kuti invoisi ya mamiliyoni isayime chifukwa cha K150 ya masamu a VAT. N'zololeka ngati mlingowo unalembedwa m'lamulo ndipo ndi wochepa kwenikweni. Pa katundu woyeza ngati mchenga, kwale kapena dizilo mungalolenso kusiyana pang'ono pa kuchuluka. Pa zinthu zowerengeka ngati matumba ndi malata musalole ngakhale chimodzi.

Mkangano wa mtengo

Wogulitsa adzanena kuti simenti inakwera ku fakitale. Mwina ndi zoona. Funso n'lakuti LPO anailandira liti. Ngati inafika kotesheni isanathe ndipo iye anapakira katundu osanena kanthu, mtengo ndi K30,000. Ngati LPO inachedwa, iye anayenera kukuuzani asanapakire, koma apa pali poti mukambirane, ndipo mwina chilungamo chili kumbali yake. Chosaloleka ndi choti akauntanti avomereze yekha mtengo watsopano pofuna kuti nkhani ithe. Mtengo ukasintha, palembedwe chosintha LPO, ndipo chisayinidwe ndi amene ali ndi mphamvu pa ndalama zonse zatsopano. Pa oda iyi ndi bodi.

Kirediti noti ndi katundu wotsala

Musakonze invoisi ya wogulitsa ndi cholembera chanu. M'mabuku ake mudzatsalabe K6,440,000, ndipo sitetimenti yake idzakusonyezani ngongole ya K1,100,000 mwezi ndi mwezi mpaka wina watsopano pa ofesi adzailipire osadziwa mbiri yake. Mulembereni kalata yaifupi yofotokoza zigawo zinayi zija, mumatepo kope la delivale noti yosayinidwa ndi dalaivala, ndipo mupemphe kirediti noti, pepala la wogulitsa lochotsera ndalama pa invoisi, ya K1,100,000 yotchula nambala ya invoisi. Njira ina ndi yoti athetse invoisi yoyamba n'kulemba yatsopano ya K5,340,000. Akatero, yoyambayo muidule ndi mzere n'kuimata kumbuyo kwa yatsopano kuti isadzatulukirenso ngati ngongole ina.

LPO sinatsekedwe. Patsala matumba 10 ndi malata 20, za K800,000, ndipo mukaphatikiza ndi K5,340,000 mukubwerera pa K6,140,000 imene bodi inavomereza. Lembani zotsalazi kumbuyo kwa kope la akauntanti ndi la wosunga katundu. Zikadzafika zidzakhala ndi delivale noti yake, GRN yake ndi invoisi yake, zonse pa nambala ya LPO yomweyo.

Ulendo wachiwiriwu ndi umene ndalama zimatayikira kawiri. Kalaliki wa wogulitsa amatha kusindikiza invoisi ya oda yonse m'malo mwa zotsala zokha, kapena kuyikanso K300,000 ya mayendedwe pomwe ulendowu wabwera chifukwa cha kulakwitsa kwawo. Choncho pofananitsa invoisi yachiwiri, onkhetsani ma GRN onse ndi ma invoisi onse a LPO imeneyo kuyambira pachiyambi. Zolipiridwa zonse pamodzi zisapose zolandiridwa zonse, ndipo zolandiridwa zisapose zoodedwa. Ngati kopaletivi yaganiza zogula malata otsalawo kwina, lemberani wogulitsa kuti zotsalazo zathetsedwa, apo ayi adzafika nawo patatha miyezi iwiri denga litakhomedwa kale.

Kulipira

Vocha yolipirira imangidwe pamodzi ndi rekwizishoni, makotesheni, LPO, delivale noti, GRN, invoisi ndi kirediti noti. Osayina cheke kapena ovomereza pa banki aone mtolo wonsewo, osati vocha yokha. Ngati bungwe lanu lili m'gulu lodula msonkho pa malipiro a ogulitsa, dulani pa mlingo wa MRA wa chaka chimenecho ndipo mumupatse wogulitsa satifiketi yake, pokhapokha atakuonetsani satifiketi yomuchotsa pa msonkhowo imene sinathe masiku. M'kaundula wa ngongole lembani kuti invoisi yalipiridwa yonse, gawo kwa iye gawo ku MRA, kuti msonkhowo usaoneke ngati ngongole yotsala.

Ndalama zipite ku akaunti ya banki imene ili m'dzina lolembedwa pa LPO ndi pa invoisi. Uthenga wa pa foni wonena kuti "tasintha akaunti, tumizani pa nambala iyi" usatsatidwe mpaka mutayimba pa nambala imene munali nayo kale ndi kulandira kalata yosayinidwa. Madzi akatayika saoleka. Mukalipira, pepala lililonse la mu mtolowo limenyedwe chidindo chosonyeza kuti zalipiridwa, ndi tsiku ndi nambala ya vocha. Delivale noti ndi GRN nazo zimenyedwe, chifukwa zikatsala zoyera zikhoza kumangidwanso ku invoisi ina.

Wogulitsa akafuna ndalama katundu asanatuluke

Izi n'zofala, makamaka pa simenti ndi feteleza, ndipo kopaletivi ya ku Nkhotakota imene sinagulepo kwa wogulitsa wa ku Salima kapena ku Lilongwe idzauzidwa kuti ilipire kaye pa pulofoma. Pulofoma si invoisi, ndi kotesheni yovala jekete. Kufananitsa sikutha chifukwa choti mwalipiriratu, kumangobwera pambuyo, ndipo mphamvu yanu imakhala itachepa popeza ndalama zili kale m'thumba mwake.

Chitani motere. Kulipiriratu kuvomerezedwe padera ndi amene ali ndi mphamvu pa oda yonse, ndipo kulembedwe pa LPO. M'mabuku ndalamazo zilowe ngati ngongole imene wogulitsa ali nayo kwa inu, osati ngati zogula. Ngati n'kotheka lipirani theka, theka linalo pambuyo pa GRN. Akakana, tumizani wosunga katundu ndi kapitawo kuti akawerenge ndi kusankha katundu pa sitolo pomwe, asanapakidwe, n'kukwera lole yomweyo pobwerera. GRN ilembedwebe katundu akafika, ndipo invoisi yeniyeni ifunidwe tsiku lomwelo. Pa chitsanzo chathu, kopaletivi ikanakhala italipiriratu K6,140,000, m'buku mukanatsala K800,000 pa dzina la wogulitsa mpaka matumba 10 ndi malata 20 atafika kapena ndalamazo zitabwezedwa. Mndandanda wa ndalama zolipiriratu zimene zilibe GRN uziwerengedwa pa msonkhano uliwonse wa bodi, dzina la wogulitsa, ndalama zake, ndi masiku amene apitapo.